Fani Yotulutsa Nthunzi: Ikule Bwanji, Ikhale Pati?

M'nyumba zambiri zimene zikumangidwa m'matauni masiku ano, bafa lalowa m'kati. Aliyense akufuna chipinda chogona chokhala ndi bafa lakelake, ndipo poti malo ndi ochepa, bafalo limapanikizidwa pakona, lopanda ndi zenera lomwe. Dzinja limodzi likangodutsa, zizindikiro zimayamba kuoneka: timadontho takuda ta chuku m'ngodya za siling'i, penti wosupuka, chitseko chofufuma chokana kutsekeka, thaulo losauma tsiku lonse. Khitchini yaing'ono nayo ili ndi zake. Nthunzi ya nyemba zobwata ndi utsi wa mafuta okazingira nsomba zimakakamira m'makoma mpaka makabati amayamba kunanda.

Zikatere mwini nyumba amathamangira kusitolo, n'kugula fani ya pakhoma imene wayamba kuiona, kawirikawiri yaing'ono ndi yotchipa. Mmisiri amaboola khoma pamalo posavuta kufikapo ndi waya. Fani imalira bwinobwino, koma galasi limachitabe mbuu. Chimene chalakwika nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa zitatu: fani yachepa, yaikidwa pamalo olakwika, kapena mpweya watsopano ulibe polowera.

Kukula kwa fani kumayambira pa tepi yoyezera. Munthu amayeza mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa chipinda m'mamita, n'kuchulukitsa nambala zitatuzo kuti adziwe mpweya umene chipindacho chimasunga. Kenako amachulukitsa yankholo ndi maulendo amene mpweya wonsewo uyenera kusinthidwa pa ola limodzi. Amisiri a ntchitoyi amawerengera maulendo 6 mpaka 10 pa bafa, ndi 10 mpaka 15 pa khitchini. Nambala imene yatuluka ndi imene ayenera kuifunafuna pabokosi la fani, pomwe pamalembedwa m³/h, kutanthauza makiyubiki mita a mpweya amene faniyo imakankha pa ola.

Titenge bafa la mamita 2 mulitali, 1.8 mulifupi ndi 2.7 kuchoka pansi kufika ku siling'i. Mpweya wa m'menemo ndi makiyubiki mita 9.7. Kuusintha maulendo 8 pa ola kumafuna fani ya 78 m³/h. Mafani ambiri a paipi ya mamilimita 100, aja ogulitsa amati a mainchesi 4, amakankha pakati pa 75 ndi 95 m³/h, choncho wogula asankhe ya kumtunda kwa mlingowo, ya 85 kapena 90. Pali chifukwa chosagulira yongokwanira ndendende. Nambala ya pabokosi imapezeka fani ikuzungulira popanda choitchinga, pamene pakhoma imakumana ndi paipi, chotsekera ndi sefa ya kunja, ndipo chilichonse mwa izi chimadyako mphamvu yake.

Palinso mlingo wosayenera kutsikapo ngakhale bafa lichepe chotani, chifukwa shawa yotentha imatulutsa nthunzi yofanana m'bafa lalikulu ndi laling'ono. Malamulo a zomangamanga a ku England, m'gawo F lokamba za kayendedwe ka mpweya, amaika malita 15 pa sekondi pa bafa, omwe ndi 54 m³/h. Ndi mlingo wothandiza kulikonse, ndipo mafani ambiri opangidwira msika wa ku Britain amalembedwa m'malita omwewo, l/s. Kusandutsa l/s kukhala m³/h n'kungochulukitsa ndi 3.6. Bokosi likalembedwa CFM, mlingo wa ku America, munthu achulukitse ndi 1.7.

Ku khitchini masamu omwewa amapereka yankho lodzidzimutsa ambiri. Khitchini ya mamita 3 mulitali, 2.5 mulifupi ndi 2.7 msinkhu imasunga makiyubiki mita 20 ndi kachidutswa. Maulendo 12 pa ola afuna fani ya pafupifupi 243 m³/h. Malamulo a ku England aja amafuna malita 60 pa sekondi, kapena 216 m³/h, pa fani ya pakhoma yosakhala pamalo ophikira penipeni. Fani ya mainchesi 4 ikaikidwa m'khitchini yotereyi imasintha mpweya kanayi kokha pa ola, ndipo fungo la usipa limafika kuchipinda chochezera faniyo ikulirabe. Pano pamafunika ya mamilimita 150, ya mainchesi 6, imene imakankha pakati pa 230 ndi 280 m³/h. Nzeru n'kudziwa izi bowo lisanabooledwe, chifukwa kukulitsa bowo pa khoma la njerwa lopaka kale pulasitala ndi matailosi ndi ntchito yowononga.

Koma fani yaikulu payokha sithetsa vuto. Munthu akayamwa mpweya m'botolo lopanda bowo lina, posakhalitsa palibe chimatuluka, ndipo fani ya m'bafa lotsekeka paliponse imakumana ndi zomwezo. Imatha kutulutsa mpweya wokhawo umene walowa. M'bafa lopanda zenera khomo la mpweyawo ndi kampata ka kunsi kwa chitseko. Mpata wa mamilimita 10 pansi pa chitseko cha mamilimita 760 mulifupi umakula pafupifupi mofanana ndi kukamwa kwa paipi ya mamilimita 100. Vuto n'lakuti kalipentala amapachika chitseko matailosi asanaikidwe, matailosi n'kudzadya mpata wonse, kapena wina amayala kansalu kopondapo kotseka mpatawo. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Fani ikasintha kaliridwe chitseko chikatsegulidwa, kapena chitseko chikamadzikoka chokha, mpweya ukuperewera. Mankhwala ake ndi kupala chitseko kunsi kapena kuikapo kazenera ka timipata.

Mpata wa chitseko umauzanso mmisiri pamene fani iyenera kukhala. Mpweya umatsata njira yaifupi kuchoka polowera kupita potulukira. Fani ikakhala pamwamba pa chitseko kapena pambali pake, mpweya umalowa pansi n'kukwera molunjika, n'kutuluka osafika kushawa, nthunzi n'kutsala ili phee kungodya. Malo oyenera ndi khoma lotalikirana ndi chitseko, kufupi ndi shawa, kuti mpweya wouma udutse chipinda chonse usanatuluke. Ikhalenso m'mwamba, mosapitirira masentimita 40 kutsika kuchoka ku siling'i, chifukwa nthunzi yotentha imakwera n'kusonkhana kumeneko.

Kufupi ndi shawa sikutanthauza pothovokera madzi. Fani yoikidwa pamwamba pa shawa kapena mosapitirira masentimita 60 kuchoka m'mphepete mwake iyenera kukhala ndi chizindikiro cha IPX4 kapena choposera apo, chosonyeza kuti madzi othovoka sangalowe m'magetsi ake, ndipo wopanga akhale atanena kuti ndi yoyenera malo amenewo. Dera la magetsi a m'bafa litetezedwe ndi chodulira magetsi cha RCD cha 30 mA. Magetsi a m'nyumba za m'Malawi ndi a mavoti 230, ndipo munthu wonyowa woponda pansi opanda nsapato sachedwa kugwidwa nawo. Ntchito yolumikiza mawaya ndi ya mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka.

M'khitchini, fani ikhale pamwamba, chapafupi ndi pophikira koma osati molunjika pamwamba pa moto. Mafani ambiri a pulasitiki amapangidwira mpweya wosatentha kupitirira madigiri 40, ndipo mafuta otentha amamata mapiko ake msanga. Isakhalenso moyandikana ndi zenera lotsegula kapena mabowo a mpweya a m'khoma, chifukwa imangokoka mpweya wa panja n'kuubweza panja pomwepo. Zenera lofunika kutsegula ndi la mbali ina ya chipinda.

Chenjezo limodzi lisaphonyedwe. Fani si chilolezo cholowetsa mbaula m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo kapena mtundu, umene umapha munthu asanazindikire, ndipo magetsi akazima, nthawi yeniyeni imene mabanja amakolezera mbaula, faniyo imakhala itaima. Pachifukwa chomwechi, mabowo a mpweya amene amisiri amasiya m'mwamba mwa makoma asamatidwe poganiza kuti fani yalowa m'malo mwake.

Kuseri kwa fani kuli paipi, ndipo kumeneku n'kumene ntchito zambiri zimaonongekera. Fani wamba ya mapiko imachita bwino ikangoboola khoma n'kutulukira panja, kapena paipi ikakhala yowongoka yosapitirira mita ndi theka kapena mamita awiri. Bafa likakhala pakati pa nyumba, lopanda khoma loyang'ana panja, paipi imatalika n'kukhota, ndipo fani ya mapiko imatha mphamvu. Pamenepo pamafunika fani ya gudumu, ija amati sentirifyugo, kapena yoikidwa pakati pa paipi kudenga, chifukwa izi zimakankha mpweya mwamphamvu. Paipi yosalala ya pulasitiki imaposa yamakwinya yopindika, ndipo isachepe kuposa kukamwa kwa fani. Pa khoma ipendekeke pang'ono cha kunja kuti madzi a nthunzi ndi a mvula atsikire panja, osati m'mota. Kunja kukhale chivundikiro choteteza mvula ndi chotsekera chodzitseka chokha fani ikaima, kuti mphepo, fumbi ndi udzudzu zisalowe.

Kutulutsira nthunzi m'kati mwa denga n'kusamutsa vuto chabe. Usiku malata akazizira, nthunziyo imasanduka madzi, n'kudonthera pa siling'i ndi kuoletsa matabwa.

Bafa lopanda zenera limafunanso nthawi. Munthu akatseka shawa, makoma ndi pansi zimakhala zikadali zonyowa ndipo zimapitiriza kutulutsa chinyezi. N'chifukwa chake fani yabwino ya chipinda chotere imalumikizidwa ku switchi ya getsi ndipo imakhala ndi kawotchi koichititsa kuzungulirabe mphindi 15 getsi litazimitsidwa. Fani ya 90 m³/h imatulutsa makiyubiki mita oposa 22 m'mphindi zimenezo, kutanthauza kuti mpweya wa bafa lija la 9.7 wasinthidwa kawiri ndi kupitirira. M'miyezi ya mvula, kapena masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje pamene mpweya wolowawo umakhala wachinyezi kale, kawotchiko kakhoza kukwezedwa kufika mphindi 20 kapena 30. Wodandaula za mayunitsi atonthole mtima: fani ya mainchesi 4 imadya mawati osapitirira 20, ndipo ola lathunthu tsiku lililonse silitha ngakhale yuniti imodzi pa mwezi.

Ntchito ikatha, kuyesa kwake kumafuna kapepala ka tishu basi. Chitseko chitsekedwe, fani iyatsidwe, kapepalako kaikidwe pankhope pa fani. Kakamatirira kokha, fani ikukoka. Kakagwa chitseko chili chotseka koma n'kumatirira chitseko chikatsegulidwa, vuto ndi mpata wa pansi. Kakagwa konsekonse, wina atuluke panja akaone ngati chotsekera chikutseguka, chifukwa simenti, penti kapena chisa cha mavu chimatha kuchigwira. Fani imene inkakoka kale koma yafooka nthawi zambiri imangofuna kutsukidwa: magetsi azimitsidwe, chivundikiro chichotsedwe, mapiko apukutidwe, miyezi iwiri kapena itatu iliyonse m'khitchini.

Amene mukumanga kapena kukonza nyumba, lembani pakapepala nambala ya m³/h ya chipinda chanu musanapite kusitolo, ndipo gwirizanani ndi mmisiri za malo a bowo ndi mpata wa chitseko pulasitala asanapakidwe.