Olenji wokongola, zilembo zosaoneka: kusankha mtundu wa apu moyeza

Mapulogalamu ambiri a pafoni masiku ano amalola munthu kusintha maonekedwe ake. Telegram imakupatsani mwayi wosankha mtundu wa mabatani ndi mauthenga, ndipo kuyambira pa Android 12, yomwe idatuluka mu 2021, foni imatha kutenga mitundu pa chithunzi chimene mwaika pa sikirini n'kuimwaza m'malo osiyanasiyana. Achinyamata amene akuphunzira kupanga ma apu a golosale, a sukulu kapena a banki mkhonde nawonso amafika pa funso lomweli: kodi mabatani, malinki ndi timizere tosonyeza pamene munthu ali tikhale ta mtundu wanji? Mtundu umodzi umenewu, wokometsera ndi kulondolera maso, ndi umene umasankhidwa mwachikondi kwambiri. Ndi womwewonso umene umaononga kawerengedwe.

Chimene chimachititsa kuti chilembo chioneke si kukongola kwa mtundu wake ayi, koma kusiyana kwa kuwala pakati pa chilembocho ndi pamene chakhala. Choko choyera chimaoneka bwino pa bolodi lakuda, koma mukalemba nacho pa khoma lopaka laimu muwerenga movutikira, ngakhale chokocho n'chomwecho. Diso limayamba laona kuti apa pawala, apa pada, kenako n'kumazindikira kuti uyu ndi olenji, uyu ndi buluu.

Kusiyana kumeneku kumayezedwa. Bungwe la W3C, lomwe limakonza miyezo ya pa intaneti, lidatulutsa ndondomeko yotchedwa WCAG 2.0 mu 2008, ndipo opanga ma apu a pafoni amatsatiranso manambala ake. Mtundu uliwonse umapatsidwa nambala ya kuwala kwake, kuyambira 0 pa wakuda bii mpaka 1 pa woyera mbee. Kenako amawerengetsa chonchi, L1 kukhala mtundu wowala kwambiri pa iwiriyo:

```
(L1 + 0.05) / (L2 + 0.05)
```

Mitundu iwiri yofanana imapereka 1:1, kutanthauza kuti palibe chooneka. Wakuda pa woyera ndiye mapeto, 21:1. Zilembo wamba zimafunika kufika 4.5:1. Zilembo zikuluzikulu, za mapointi 18 kupita m'mwamba kapena mapointi 14 ngati zili zonenepa, zimaloledwa pa 3:1. Mu 2018, WCAG 2.1 idawonjezera kuti zinthu zomwe si zilembo koma munthu ayenera kuziona kuti agwiritse ntchito apu, monga malire a kabokosi kolembamo kapena kachizindikiro ka pa batani, nazonso zifike 3:1. Nambala ya 4.5 sidangotoledwa. Adaiika poganizira munthu amene maso ake ayamba kufooka monga amachitira a okalamba, kotero wachinyamata wa maso akuthwa akanena kuti "koma ine ndikuona bwinobwino," sanayankhe funso.

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa ambiri. Powerengera kuwala, mitundu itatu imene sikirini imasakaniza siilemera mofanana. Wobiriwira umatenga gawo lalikulu, pafupifupi 72 pa 100 alionse, wofiira 21, pamene buluu 7 yokha. N'chifukwa chake chikasu chenicheni, chomwe ndi kusakaniza kwa wofiira ndi wobiriwira, chimangopereka 1.07:1 pa sikirini yoyera, ndiye kuti chatsala pang'ono kusowa. Buluu weniweni amafika 8.59:1 pa malo oyera, koma mukamuika pa malo akuda amagwa kufika 2.44:1. Mitundu imene timati yowala, yachisangalalo, monga chikasu, olenji ndi wobiriwira wa msipu, ndi imene imavuta pa malo oyera.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsatira mpaka kumapeto. Tinene kuti mukupanga apu yosungira mawerengero a gulu, ndipo mwakonda olenji amene nambala yake pa kompyuta ndi #FF9800. Ndi mtundu wokoma m'maso, palibe angatsutse. Kuwala kwake ndi 0.437. Pa sikirini yoyera tiwerengetsa 1.05 kugawa ndi 0.487, yankho ndi 2.16:1. Wakanika pa zilembo wamba, wakanikanso ngakhale pa zilembo zikuluzikulu. Mukalemba ndalama zimene membala wasunga ndi olenji ameneyu, 3 ndi 8 zidzafanana, makamaka munthu akaima panja masana kapena akatsitsa kuwala kwa sikirini pofuna kusunga batire. Ndipo batani la olenji lolembedwa mawu oyera lili ndi vuto lomwelo, chifukwa mlingowo susintha ngakhale mutembenuze kuti chapamwamba chikhale pansi. Ndi 2.16:1 basi.

Apa anthu ambiri amathamangira kutaya olenjiyo, kapena kuumirira n'kunena kuti ndiye mtundu wa gulu lathu. Zonse ziwiri n'zosafunika. Batani likhoza kukhala la olenji yemweyo, koma mawu a pamwamba pake akhale akuda. Wakuda pa #FF9800 amapereka 9.74:1, kuposa ngakhale 7:1 yomwe ndi muyezo wapamwamba wa WCAG. Mtunduwo sunali woipa, udangopatsidwa mnzake wolakwika.

Nanga malinki ndi manambala amene mukufuna akhale a olenji pa malo oyera? Pamenepo muyenera kudetsa mtunduwo pang'onopang'ono, mukuyeza. Mukafika pa #E65100 mupeza 3.79:1. Ameneyu akwanira pa mitu ikuluikulu ndi zizindikiro, koma pa zilembo zing'onozing'ono sanafike. Mukapitiriza mpaka #B45309, olenji woderako ngati njerwa yootcha, mupeza 5.02:1, ndipo tsopano mwadutsa. Ena adzadandaula kuti sakuwalanso ngati poyamba. N'zoona, ndipo ine ndikuona kuti ndi mtengo woyenera kulipira, chifukwa olenji wowala uja akadalipo pa mabatani, pamene pali malo aakulu oti aonekere.

Musafulumire kutseka kompyuta. Ma apu ambiri sakhala oyera ponseponse, amakhala ndi timabokosi totuwa pang'ono tosiyanitsa nkhani ina ndi inzake. Ikani #B45309 yemwe uja pa kabokosi ka #EEEEEE, mlingo utsika kufika 4.33:1. Wakanikanso, pomwe ndi maso simungaone kuti pasintha kanthu. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amayeza mtundu kamodzi pa malo oyera n'kuganiza kuti wakhoza paliponse. Mtundu pawokha sukhoza kapena kulephera, chimene chimayezedwa ndi mitundu iwiri yogundizana. Choncho lembani malo onse amene mtundu wokometserawo ukakhale, kaya ndi pa tsamba, pa kabokosi, pa mzere umene wasankhidwa, ndipo muyeze paliponse. Ngati pena pakanika, detsaninso mtunduwo pang'ono kapena yeretsani kabokosiko. Mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi ndi ovuta koposa, popeza chithunzi chimawala pena n'kuda pena. Muyeze pamene payandikana kwambiri ndi mtundu wa zilembozo, kapena muike kansalu kakuda pakati pa chithunzi ndi mawu.

Tsopano maonekedwe akuda, amene anthu ambiri amakonda usiku. Tinene kuti tsamba lanu ndi #121212, wakuda wosafika bii amene ma apu ambiri a Android amagwiritsa ntchito. Olenji woderako uja, amene tavutika naye kuti akhoze pa malo oyera, apa akungopereka 3.73:1. Koma #FF9800, amene adakanika poyamba, akufika 8.69:1. Zatembenuka. Izi sizidachitike mwangozi, masamu ake ndi omwe akukana. Kuti mtundu ufike 4.5:1 pa malo oyera, kuwala kwake kusapitirire 0.183. Kuti ufike 4.5:1 pa #121212, kuwala kwake kusachepere 0.202. Palibe mtundu umene ungakhale pansi pa nambala yoyambayo n'kukhalanso pamwamba pa yachiwiriyo. Amene akufunafuna mtundu umodzi woti ulembe zilembo zing'onozing'ono usana ndi usiku womwe akutaya nthawi yake. Pamafunika iwiri ya banja limodzi, woderako wa maonekedwe oyera ndi wowala wa maonekedwe akuda.

Umu ndi mmenenso Android imachitira ikatenga mtundu pa chithunzi chanu. Siigwiritsa ntchito mtunduwo monga waupezera. Imaupangira makwerero kuyambira 0, wakuda, mpaka 100, woyera, ndipo pa maonekedwe oyera imatenga wa pa 40, pa akuda wa pa 80. Amene akudzisankhira yekha mitundu akhoza kutengera nzeru yomweyi.

Muyezowu uli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Suyeza kuonda kwa zilembo. Zilembo zopyapyala ngati ulusi zikhoza kukhoza pa nambala koma n'kumavutabe kuwerenga. Akatswiri ena amaudandaulanso kuti umakomera mitundu yakuda, moti mitundu iwiri yoderako ikhoza kudutsa 4.5:1 koma diso n'kumaiona ngati yayandikana. Pa maonekedwe akuda, ine ndingalangize kuti musakhutire ndi kungodutsa pang'ono, kwerani ndithu. Komanso muyezowu sunena kanthu za anthu amene sasiyanitsa bwino wofiira ndi wobiriwira, vuto lobadwa nalo lomwe limapezeka kwambiri mwa amuna kuposa akazi. Ngati mu apu yanu ngongole ndi yofiira ndipo zosunga ndi zobiriwira, popanda china chosiyanitsa, munthu wotere asochera ngakhale mitundu yonse iwiri itakhoza. Ikanipo mawu kapena chizindikiro cha kuchotsa ndi kuphatikiza, ndipo linki ya m'kati mwa chiganizo ikhale ndi mzere pansi. Olenji wathu woderako alinso pafupi ndi wofiira amene ma apu amachenjezera naye pakalakwika, choncho uthenga wa cholakwika ukhale ndi chizindikiro chakechake.

Masamu onsewa simuyenera kuwachita pamanja. Tsamba la WebAIM Contrast Checker limangofuna manambala a mitundu iwiri n'kukuuzani mlingo nthawi yomweyo, ndipo apu ya Google yotchedwa Accessibility Scanner imayang'ana sikirini ya Android n'kuloza malo amene kusiyana kwachepa. Nambala ikatuluka 4.48, musaikweze kuti ikhale 4.5. Wotuwa wa #777777 pa malo oyera amapereka 4.48:1 ndipo amakanika, pamene #767676 amapereka 4.54:1 n'kukhoza.

Manambala akakhala bwino, tulukani ndi foniyo panja dzuwa lili paliwombo, tsitsani kuwala kwa sikirini, ndipo mupatse munthu wachikulire amene sanaionepo apuyo. Musamufunse ngati ikukongola. Mupempheni kuti akuwerengereni mokweza nambala yaing'ono kwambiri imene ili pa sikiriniyo, ndipo akazengereza, bwererani mukadetse mtunduwo.