Mapu osonyeza pamene pali mpata pamsika wodzaza

Ku America m'zaka za m'ma 1970, munthu wodwala mutu akalowa m'sitolo ankapeza mankhwala ambirimbiri: Bayer, Anacin, Bufferin, Excedrin. Onsewa anali ndi asipirini, ndipo aliyense ankafuula kuti ndi wamphamvu kapena wochiza msanga kuposa mnzake. Tylenol, amene kampani ya McNeil inayamba kugulitsa mu 1955 ngati mankhwala a ana, anali wa mtundu wina, wa parasitamolo, monga panado amene timagula m'magolosale kuno kwathu. Atayamba kumutsatsa kwa anthu wamba cha m'ma 1975, eni ake anakumbutsa ogula kuti asipirini amatha kupweteketsa m'mimba, ndipo anadziika pamalo a mankhwala ofatsa, pomwe panalibe wina wolimbapo.

Akatswiri a zamalonda Glen Urban ndi John Hauser anajambula msika umenewu m'buku lawo la 1980. Mzere umodzi unkayeza mphamvu ya mankhwala monga ogula ankaionera, wina unkayeza kufatsa kwake m'thupi. Excedrin anakhala kutali kumbali ya mphamvu, Tylenol pamwamba yekhayekha pa kufatsa, enawo ataunjikana chapansi. Chojambula chotere ndicho mapu a maganizo a ogula. Sasonyeza zimene dokotala angapeze atayeza mankhwalawo. Parasitamolo nayenso amaononga chiwindi munthu akamwa mopyola muyezo. Amasonyeza zimene zili m'mitu ya anthu otulutsa ndalama, ndipo malonda amayendera zimenezo.

Njirayi safuna kampani yaikulu. Tiyerekeze kuti mayi wina akufuna kutsegula malo odyera pafupi ndi depoti ya mabasi, pomwe pali kale malesitilanti anayi ndi chiwaya cha tchipisi. Manambala onse amene akubwerawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kenikeni.

Choyamba alembe opikisana naye, ndipo wachiwayayo asamusiye. Iye sagulitsa nsima, komabe kondakitala amene wadya tchipisi masana sabweranso kudzafuna nsima ya nkhuku. Wopikisana nawe ndi aliyense amene wogula amamuganizira njala ikamupweteka.

Pa mizere iwiri ija ndi pamene ambiri amasokonekera. Amathamangira kulemba mtengo ndi ubwino, koma ziwirizi zimayendera limodzi m'maganizo a anthu: chodula amachiyesa chabwino, chotchipa amachikayikira. Madontho onse amangondandalika pamzere umodzi wopendekera, ndipo ngodya ziwiri zimatsala zopanda kanthu. Ngodya ina ndi ya chakudya chodula koma choipa, chimene palibe angachifune. Inayo ndi ya chakudya chapamwamba pamtengo wotaya, chimene chingadye mpamba wonse mwezi usanathe. Mukaona madontho atafola chonchi, dziwani kuti mwayeza chinthu chimodzi kawiri.

Mizere yabwino imachokera pakamwa pa ogula. Mayiyu acheze ndi anthu khumi kapena khumi ndi asanu, awatchulire malo atatu n'kufunsa kuti, "Mwa atatuwa, ndi awiri ati ofanana, nanga wachitatuyo wasiyana nawo pati?" Funso limeneli limatulutsa mawu amene mwini bizinesi sakanawaganizira. Wina adzati, "Kwa awa umadikira mpaka basi kukusiya." Wina adzati, "Kuja madzi osamba m'manja amakhala beseni limodzi anthu onse." Mawu akamabwerezedwa, mizere yapezeka: kufulumira ndi ukhondo.

Kenako afunse anthu ochulukirapo, tinene 40, ndipo asakhale achibale kapena a kutchalitchi kwake, chifukwa amenewo amayankha zomusangalatsa. Aliyense apereke malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa malo aliwonse amene amawadziwa, pa kufulumira ndi pa ukhondo. Malo amene sanadyepo kapena kumva mbiri yake awadumphe. Malikisi a malo amodzi awaphatikize n'kugawa ndi chiwerengero cha amene ayankha. Ngati anthu 30 apereka malikisi okwana 126 pa kufulumira kwa chiwaya, ndiye kuti chapeza 4.2. Papepala ajambule mzere wogona wa kufulumira ndi woima wa ukhondo, idutsane pa 3, ndipo malo aliwonse akhale dontho limodzi.

Tinene kuti chiwaya chapeza 4.2 pa kufulumira ndi 2.0 pa ukhondo. Malesitilanti atatu aunjikana pafupi ndi 2.5 mbali zonse ziwiri, ndipo wachinayi, wa matebulo a nsalu, wapeza 4.4 pa ukhondo koma 1.8 pa kufulumira. Atatu ounjikanawo, kaya eni ake amadziona osiyana bwanji, kwa ogula ndi amodzi, ndipo chotsala chokanganirana ndi mtengo basi. Ngodya ya kumwamba kudzanja lamanja, ya malo aukhondo ndiponso achangu, ilibe munthu.

Apa mtima umadumpha, ndipo ndi pomwe ine ndimati munthu ayambe wafatsa. Malo osalimidwa pakati pa minda yabwino nthawi zina amakhala kuti pansi pali thanthwe. Mpata pamapu ungakhalepo chifukwa palibe akufuna zimenezo, kapena chifukwa kuzichita n'kodula kwambiri, kapena chifukwa anzanu sanauone. Chachitatu chokhachi ndicho mwayi.

Kuti adziwe ngati ofuna alipo, pa mafunso aja awonjezere malo achisanu ndi chimodzi: malo amene woyankhayo angasankhe kudyako masiku onse. Pafupifupi aliyense adzalemba 5 ndi 5 ngati simutchula ndalama, choncho funso likhale ndi mtengo wake: "Mbale itakwera ndi K500, mungasamuke pomwe mumadya panopa?" Mayankho amenewa asawaphatikize monga aja, aliyense akhale dontho lake. Ngati theka likufuna changu chokha ndipo theka lina likufuna kukhala pansi mwaulemu, kuphatikiza kumatulutsa dontho lapakati pomwe palibe wogula ngakhale mmodzi. Chofunika ndi kuona gulu. Mwina 14 mwa 40 agwera m'ngodya ija, ndipo ambiri mwa iwo ndi apaulendo okhala ndi ana komanso ogwira ntchito m'mashopu amene amapuma theka la ola.

Tsopano masamu a m'khitchini. Changu chimafuna kuti ndiwo ziphikidwe nthawi isanakwane n'kusungidwa zotentha, mitundu ikhale iwiri kapena itatu yokha, nsima ivundulidwe pafupipafupi. Ukhondo umafuna ndowa ya mpopi ndi sopo, wotsuka mbale wapadera, madzi ambiri. Ngati lendi, malipiro, makala ndi madzi zikwana K480,000 pamwezi, ndipo mbale iliyonse isiya K800 mutachotsa ufa, ndiwo ndi mafuta, pafunika mbale 600 pamwezi. Pa masiku 26 ogwira ntchito ndiye mbale 24 patsiku asanaone phindu. Mayiyu akaime pa depoti masana angapo, awerenge odya onse, aone ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a iwo lingapitirire 24. Ndipo achepetseko chiyembekezo, pakuti si onse onena kuti adzasamuka amene amasamukadi.

Funso lotsala ndi la kutsanzira. Ndowa ya mpopi mnzake angagule mawa lomwe. Kusintha khitchini yonse kuti mbale izifika patebulo m'mphindi zisanu n'kovuta kwa amene anazolowera kuphika wogula ataitanitsa kale, ndipo mpamenepo mayiyu ayenera kuikapo mphamvu. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi abwereze mafunso omwe aja, malo ake atawaika pamndandanda. Ngati dontho lake lagwera pakati pa atatu ounjikana aja, ogula sanaone kusiyana kulikonse, ndipo ayambe wayeza ndi wotchi nthawi imene mbale imatenga kuchoka pamoto kufika kwa wodya.