Kalata ya boma itchule wochita ntchitoyo

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wamkulu walandira kalata kuchokera ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lake, imodzi mwa zija zopita kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Kalatayo ikuti: "Kukudziwitsidwa kwa onse okhudzidwa kuti zaonedwa kuti malipoti a chiwerengero cha ophunzira sakutumizidwa m'nthawi yake, ndipo kukuyembekezeredwa kuti izi zikonzedwe mwamsanga."

Werengani mawu okhala ndi -dw- m'chiganizochi: alipo asanu ndi limodzi. Kamphatikira kameneka kamabisa mwini ntchito. Waona vutoli ndani? Atumize ndani, kwa yani, tsiku liti? Ahedi amangoika kalatayo m'fayilo, poganiza kuti akunenedwawo ndi anzawo a sukulu ina.

Kalembedweka si kathu kwenikweni. Makalata ambiri a boma, kuyambira a ku Kapitolo ku Lilongwe, amalembedwa m'Chingerezi, ndipo womasulira amanyamula mafupa a chiganizocho n'kungochiveka mawu a Chichewa.

Pokonza, funsani mneni aliyense kuti: akuchita ndani? Yankho lakelo liikeni patsogolo, kenaka patulani zomwe ofesi yaona ndi zomwe ikulamula. Zituluka motere: "Ofesi ya maphunziro ya boma lino yaona kuti masukulu ena akuchedwa kutumiza malipoti a chiwerengero cha ophunzira. Mphunzitsi wamkulu aliyense apereke lipoti la sukulu yake kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lake pofika pa 5 mwezi uliwonse."

Alembi ambiri amaopa kuti kulunjika chonchi n'kupanda ulemu. Ine ndikukana. Taonani mawu akuti "apereke". Akulamula ndithu, koma sakuloza munthu chala monga achitira "pereka". Kulemera kwa kalata ya boma kumachokera pa nambala yake, tsiku, udindo wa wosayina ndi chidindo. Zonsezi zisiyeni momwe zilili. Tchulani maudindo, osati mayina a anthu, pakuti munthu amasamutsidwa koma mpando umatsala.

Pali misampha iwiri. "Pa 5" uja munalibe m'kalata yoyamba, momwe munali "mwamsanga" basi. Mlembi asapeke tsiku kapena wolandira lipoti. Akafunse bwana amene adzasayine. Nthawi zina zimapezeka kuti bwanayo sanaganizireponso za tsikulo, ndipo -dw- uja ndiye ankaphimba zimenezi. Msampha wina ndi "akupemphedwa". Mukawasintha kukhala "ayenera", pempho mwalisandutsa lamulo. Ngati lili pempho lenileni, lembani kuti "ofesi ino ikupempha".

Sikuti -dw- aliyense ngwotaya. "Maofesi a boma adzatsekedwa pa 6 Julaye" ndi chiganizo chomveka, poti palibe akufuna kudziwa wosunga makiyi. Koma pomwe pali ntchito yoti munthu agwire, mutchuleni ndi udindo wake, mum'patsenso tsiku.