Shuga ikalowa kuchipinda

Abambo ambiri mphamvu zikayamba kuchepa kuchipinda amathamangira gondolosi, ena amaganiza kuti alodzedwa. Komatu kawirikawiri gwero lake ndi matenda a shuga. Pafupifupi theka la abambo odwala shuga limakumana ndi vutoli, ndipo limawapeza zaka 10 mpaka 15 msanga kuposa anzawo.

Kuti chida cha abambo chidzuke pamafunika zinthu ziwiri: uthenga ndi magazi. Chilakolako chikabwera, uthenga umatsika kuchokera ku ubongo kudzera m'mitsempha ya mauthenga. Mitsemphayi, pamodzi ndi kachikopa ka m'kati mwa mitsempha ya magazi, imatulutsa mpweya wotchedwa naitiriki okusaidi. Mpweyawu umamasula timinofu ta m'chidamo, magazi n'kukhamukira m'zipinda ziwiri zonga siponji. Zipindazo zikafufuma zimapana mitsempha yotulutsa magazi, ndiye chida chimalimba.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga mbali zonse ziwiri. Amanyula kachikopa kaja mpaka kamatulutsa mpweya wochepa, mafuta n'kumamatirira m'makoma, njira ya magazi n'kuphinjika. Mitsempha ya mauthenga nayo imadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi tating'onoting'ono, choncho iti tikatsekeka, iyo imafota. Uthenga umafika mofooka, magazi amalowa pang'ono, ndipo olowawo sachedwa kutuluka.

Tiyerekeze bambo wa zaka 48 amene wakhala ndi shuga zaka 8, koma mankhwala amamwa modumphiza. Poyamba chida chimadzuka koma n'kugwa ntchito ili pakati. Kenako kudzuka kwa m'mamawa kumasowa. Usiku mapazi amamuotcha, masana amachita dzanzi, mwina patapata kuvuka iye osamva. Kufooka kobwera pang'onopang'ono chonchi kumaloza ku mitsempha. Vuto likagwa mwadzidzidzi, koma m'mamawa chida chikudzukabe, nthawi zambiri gwero limakhala nkhawa kapena kusamvana m'banja.

Bamboyu ayeneranso kudera nkhawa mtima wake. Mitsempha yopita ku chida ndi yopapatiza, mamilimita 1 mpaka 2, pomwe ya mtima ndi 3 mpaka 4. Yaing'onoyo ndiyo imayamba kutsekeka, n'chifukwa chake vuto la kuchipinda limatha kutsogolera matenda a mtima ndi zaka zingapo.

Mapiritsi a sildenafil, amene ambiri amawadziwa kuti Viagra, sapanga mpweya uja koma amangokuza mphamvu ya umene ulipo. Mitsempha ikawonongeka kwambiri sathandiza kwenikweni. Ndi oopsanso kwa amene akumwa mankhwala a manaitireti a ululu wa pachifuwa, chifukwa kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi.

Mtsempha wofota subwerera msanga, koma otsalawo angatetezedwe potsitsa shuga ndi BP, kusiya fodya ndi kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku. Bambo, mukapita ku kiliniki ya shuga, auzeni adokotala za kuchipinda mosabisa, ndipo pemphani kuti akuyezeninso mapazi ndi mtima.