Stop loss siimateteza msika ukatseka

Ku Senga Bay ndimaona achinyamata akuchita malonda a foreksi pafoni, ndipo zimandidetsa nkhawa kuti ambiri amakhulupirira kuti Stop Loss ndi chitsimikizo cha mtengo. Ayi ndithu. Lamuloli limangouza bulokala kuti mtengo ukafika pamene mwaika, agulitse pa mtengo woyamba umene wapezeka.

Msikawu umatseka Lachisanu cha m'ma 11 kapena 12 koloko usiku nthawi ya kuno, n'kutsegulidwanso Lamlungu nthawi yomweyo. Koma nkhani za zisankho ndi nkhondo sizidikira. Tiyerekeze kuti mwagula EUR/USD pa 1.0850, Stop Loss mwaika pa 1.0820, loti ndi 0.10. Mukuyembekeza kutaya madola 30 basi. Msika ukatsegulidwa pa 1.0750, palibe amene wagula pa mitengo yapakatiyo, choncho mugulitsa pa 1.0750 n'kutaya madola 100. Pa chati mudzaona mpata pakati pa kandulo ya Lachisanu ndi yotsatira. Masheya amadumphanso chimodzimodzi usiku, misika yawo ikatseka.

Ine ndimati ngati akaunti yanu singapirire kudumpha kotere, tsekani malondawo Lachisanu madzulo, kapena chepetsani loti.