Mapointi akafanana, zigoli zimaweruza

Ligi ya ku Mangalande itatha pa 13 Meyi 2012, matimu a Manchester City ndi Manchester United onse anali ndi mapointi 89. Chikho chinapita kwa City, ndipo mpaka lero ochemerera ambiri amangokumbukira chigoli chimene Sergio Agüero anachinya nthawi itatha kale pogonjetsa Queens Park Rangers 3-2. Komatu chigolicho chinangofikitsa City pa mapointi ofanana ndi a United. Chimene chinaiika pamwamba ndi masamu a pa ndandanda wa ligi, amene aliyense angathe kuwerengera yekha ndi pepala ndi cholembera.

Ntchito imayambira pa zotsatira za masewero amodziamodzi. Timu yopambana imalandira mapointi 3, yogonja simapeza kanthu, ndipo akalepherana aliyense amatenga pointi imodzi. Kale kupambana kunkapereka mapointi 2. Mangalande inayamba kupereka 3 mu 1981 pofuna kuti matimu asamakhutire ndi kulepherana. Mu chaka cha mpikisano wathu uja, City inasewera masewero 38: inapambana 28, inalepherana 5, inagonja 5. Mukachulukitsa 28 ndi 3 mupeza 84, mukaonjezera 5 a kulepherana aja zikwana 89. United nayo inapambana 28, kulepherana 5, kugonja 5. Pa mapointi panalibe chowasiyanitsa.

Zikatere timayang'ana kusiyana kwa zigoli, kumene pa kanema amakulemba GD. Timatenga zigoli zonse zimene timu yachinya (GF), n'kuchotsapo zonse zimene yachinyidwa (GA). City inachinya 93, inachinyidwa 29, ndiye inatsala ndi +64. United inachinya 89, inachinyidwa 33, inatsala ndi +56. Zigoli 8 zimenezo ndi zomwe zinasankha akatswiri. Timu yochinyidwa zambiri kuposa zimene yachinya imakhala ndi nambala yochotsera, ndipo apa ambiri amasokonezeka: -3 ili pamwamba pa -10, chifukwa ngongole yaing'ono imaposa yaikulu.

Nanga zigoli 8 zija zinachokera kuti? Mu Okutobala 2011, City inakathambitsa United 6-1 pa bwalo la Old Trafford. Matimu awiri olimbirana malo akakumana, chigoli chilichonse chimawerengedwa kawiri, chifukwa chimakweza wochinya n'kutsitsa wochinyidwa. Tsiku limenelo City inakwera ndi 5, United inatsika ndi 5, mpata unatseguka ndi 10. Tiyerekeze kuti masewerowo anatha 2-1. Mapointi sakanasintha, poti wopambana ndi yemweyo. Koma City ikanatsiriza ligi itachinya 89 m'malo mwa 93, ndipo United ikanachinyidwa 29 m'malo mwa 33. Matimu onse awiri akanakhala ndi zigoli 89 zochinya, 29 zochinyidwa, kusiyana +60, mapointi 89. Zigoli zitatu mwa zimene United inachinyidwa tsikulo zinalowa m'mphindi zomaliza, nkhani ya wopambana itadziwika kale. N'chifukwa chake ine ndimadandaula ndikaona timu itataya mtima chifukwa yatsalira 3-1. Mapointi yataya, inde, koma mzere wa GD ukuwerengabe.

Kusiyana kwa zigoli kukafanananso, ligi ya ku Mangalande imaika pamwamba timu yochinya zigoli zambiri. Si ligi zonse zimene zimatsata ndondomeko imeneyi. Mu La Liga, matimu ofanana mapointi pakutha pa mpikisano amayamba ayang'ana mmene anachitirana okhaokha atakumana, kusiyana kwa zigoli zonse kumabwera pambuyo. Choncho musanakonze ndandanda, ngakhale wa ligi ya m'dera kapena ya masukulu, yambani mwawerenga malamulo a mpikisanowo, ndipo matimu awadziwe mpira usanayambe.

Zolakwika zambiri zimabwera polemba zotsatira mbali imodzi yokha. Masewero amodzi amasintha mizere iwiri: 2-1 akutanthauza 2 zochinya ndi 1 chochinyidwa kwa wopambana, ndipo kwa wogonja n'zotembenuza. Ndandanda wolakwika umadziulula wokha mukaufunsa bwino. Pa timu iliyonse, kupambana, kulepherana ndi kugonja zikaphatikizidwa zifanane ndi masewero amene yasewera. Pa ligi yonse, kupambana konse kufanane ndi kugonja konse, ndipo nambala ya kulepherana igawike ndi 2 popanda chotsala. Muyeso wamphamvu kuposa yonse ndi wa zigoli: mukaphatikiza GD ya matimu onse, yankho likhale 0, popeza chigoli chilichonse chili ndi wochinya ndi wochinyidwa. Mukapeza +2, pali masewero amene mwalemba molakwika, ndipo mubwerere ku zotsatira sabata ndi sabata mpaka muwapeze.