Dengu, kalendala ndi muvi wa wotchi: pepala lophunzitsa in, on ndi at

Mwana wa Sitandade 6 akhoza kudziwa bwino kuti Malawi idalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, koma nkulemba m'Chingerezi kuti "in 6 July 1964". Mbiri waikhoza, koma mphunzitsi amuchonga cholakwa chifukwa cha kamawu kamodzi. Pepala limodzi lokhala ndi zithunzi zitatu lingathe kuchiza vuto limeneli.

Pamwamba pa pepalalo pajambulidwa dengu, ndipo pambali pake palembedwa in. Dengu limasunga zinthu zambiri m'kati mwake, monga momwe mwezi, chaka kapena nyengo zimasungira masiku ambiri. Choncho mwana alemba "in July" ndi "in 1964".

Pakati pali kalendala, chala chitakhudza kabokosi kamodzi. Ichi nchithunzi cha on, yemwe amayenda ndi tsiku limodzi, kaya latchulidwa ndi dzina kapena ndi deti: "on Monday", "on 6 July". Mmunsi muli wotchi yomwe muvi wake waloza malo amodzi. Imeneyo ndi at, wa nthawi yeniyeni: "at 7 o'clock", "at noon".

Kenako pamabwera ziganizo zokhala ndi mipata. Asanadzaze mpata, mwana ayambe wadzifunsa chithunzi chomwe chikuyenera. Pa chiganizo cha ufulu chija, ambiri amakopeka ndi mwezi komanso chaka, nkuthamangira dengu. Koma nambala 6 yasonyeza tsiku limodzi, ndiye chala chapeza kabokosi kake. Yankho ndi "on 6 July 1964". Mukafufuta 6, patsala mwezi wathunthu, ndipo "in July 1964" wakhoza.

Zithunzizi zili ndi malire ake, ndipo pepala labwino limawaika poyera m'kabokosi kapadera. Chingerezi chimati "in the morning" ndi "in the evening", koma usiku chimati "at night". Dzina la tsiku likangolowapo, kalendala ndiyo imalamula: "on Monday morning". Ndipo mawu monga next, last, this ndi every akatsogola, mpata umasiyidwa wopanda kanthu: "next Monday" basi.

Kholo kapena mphunzitsi angadziwe pomwe pavuta poona mtundu wa zolakwa. Mwana wosiya on patsogolo pa dzina la tsiku nthawi zambiri akutsata Chichewa, chomwe chimangoti "ndibwera Lolemba". Wolemba "on next Monday" wamva lamulo la kalendala, koma sanawerenge kabokosi kapadera kaja.

Pepalali silifuna makina osindikizira. Jambulani zithunzi zitatuzo kumbuyo kwa kope la mwana, ndipo mumuuze alembe chaka chomwe adabadwa, deti lake ndi nthawi yomwe belu la kusukulu limalira, chilichonse pansi pa chithunzi chake.